Nambala Yanga M'yankho la pa Loji

Amene anandilakwira ndi alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu. Anali manijala pa loji imene ndinkagwirapo ntchito, kufupi ndi boma la Kasungu, m'mbali mwa msewu waukulu wopita kumpoto. Anatenga nambala ya foni yanga n'kuiika m'yankho la imelo limene linkadzitumiza lokha kwa aliyense wofuna chipinda. Zinthu zitaonongeka anakauza eni loji kuti ndinaiika ndekha pofuna kuba alendo, ntchito n'kundithera. Dzina lawo sindilemba. Si ulemu ayi, koma amayi anga akugona m'nyumba mwawo mpaka lero.

Ntchitoyo anandipezera ndi iwo omwe, zimenezo sindikana. Sukulu ndinalekezera Fomu 2 nditamenya mnyamata wina amene ankandiitana kuti mwana wa tenanti ngati ndilo dzina langa. Bambo analidi tenanti. Anachoka ku Phalombe ine ndisanabadwe, ndipo moyo wawo wonse analima fodya wa bale m'minda ya anthu, esiteti iyi zaka zingapo, iyo zaka zingapo, mpaka tinakakhazikika pa esiteti ina cha ku Santhe. Nditabwerako kusukulu sanandikalipire. Anangondipatsa singano ndi chingwe n'kundilozera kuchigafa kuti ndikasoke fodya. Achemwali ndi amene analira kwa amuna awo mpaka anandiitanitsa kuboma.

Ndinayamba ndi kusesa ndi kunyamula zikwama. Mayi amene ankakhala polandirira alendo atachoka kutsatira banja ku Mzuzu, alamu anandikhazika pampando wake chifukwa zala zanga zinali zitazolowera foni, ndipo Chingelezi changa chinkakwana kuuza munthu kuti chipinda chilipo kapena chatha. Amene sanakulire pa esiteti sangamvetse chimene mpando umenewo unali kwa ife. Tenanti alibe munda, alibe nyumba. Nyumba ndi ya eni esiteti, ndipo tsiku limene mkono wa bambo waleka kugwira khasu, banja lonse limanga katundu. Pa zonse zimene banja lathu linkadalira, ntchito yangayo yokha ndiyo sinali pa nthaka ya munthu wina wa fodya. Ndinkaganiza kuti zikadzavuta ndidzachita lendi kanyumba kuboma n'kuwatenga makolo.

Alendo a malole ndi a mabasi ankangofika pageti n'kufunsa. Koma a mabungwe a ku Lilongwe, ogula fodya, ndi amene amabwera kudzaphunzitsa alangizi, amenewo ankalemba imelo. Ndiye intaneti yathu inali yomvetsa chisoni. Tinali ndi kabokosi kokhala ndi simu, koikidwa pazenera kuti kazigwira netiweki. Nyali yake ikakhala yobiriwira, ndiye kuti makalata alowa onse pakamodzi ngati ng'ombe zobwera kudambo. Ikafiira, basi. Magetsi akathima kwa ife, kathima. Magetsi akathima kunsanja ya netiweki, kayaka koma kopanda ntchito. Mvula ikagwa ndi ziphaliwali, tinkatha masiku osaona imelo ngakhale imodzi, munthu uko akudikira yankho.

N'chifukwa chake panali yankho lodzitumiza lokha. Mayi uja asanachoke anandifotokozera bwino, ndipo ndinadabwa. Ndinkayesa kuti kompyuta yathu ndiyo imatumiza. Anati ayi, yankholo ukangolilemba n'kuliyatsa limakhala kwa eni imelo kunja uko, ndipo limayankha ngakhale kompyuta yathu ili yozima, ngakhale loji itapsa. Siliwerenga zimene munthu walemba. Wofuna chipinda, wodandaula, wotsatsa malonda, onse limawapatsa mawu amodzimodzi. Likamuyankha munthu kamodzi limakhala chete kwa masiku angapo, ngakhale alembenso. Ndipo kuti ulisinthe kapena ulizimitse, pamafunika intaneti yomweyo imene ikuvutayo.

Mawu amene mayiyo anasiya anali a Chingelezi, koma ndinawaloweza. Ankanena kuti: talandira kalata yanu, koma kuno intaneti imavuta ndipo mwina tichedwa kuiwerenga, chipinda sichinasungidwe mpaka munthu wa pa loji akuyankheni yekha, ngati n'zachangu imbani foni ya pa desiki. Anali mawu ouma, opanda mafuta, koma palibe amene anabwerapo molakwika chifukwa cha iwo.

Tsiku lina nyali ili yobiriwira, alamu anabwera n'kundiuza kuti ndidzuke pampando. Anali atangochokera ku msonkhano wa oyendetsa malo ogona alendo, ndipo anabwerako ndi mtima wokonza chilichonse.

"Mlamu, taona zimene mwakhala mukutumizira anthu," anatero. "Intaneti imavuta. Ndiye mlendo aziti akupita kutchire? Munthu sauza alendo kuti kwathu denga limadontha."

"Koma imavutadi," ndinatero.

"Iwenso umavuta, koma sindinalembe pachikwangwani."

Tinaseka tonse. Nthawi imeneyo tinkasekabe.

Anafufuta za intaneti. Anafufutanso zoti chipinda sichinasungidwe, akuti mawu amenewo amathamangitsa makasitomala kupita kwa anzathu a tsidya la msewu. M'malo mwake analemba kuti tikuthokoza posankha loji yathu, pempho lanu talilandira, ndipo tikuyembekezera kukulandirani. Pa malo a tsiku loti yankholo lidzaleke kutumizidwa anasiya popanda kanthu. Atafika pa nambala anaima, chifukwa foni ya pa desiki inali itagwera m'ndowa miyezi yapitayo ndipo palibe amene anagula ina.

"Tiike yako," anatero. "Yanga imakhala yotanganidwa. Iwe amakuimbira ndani, kupatula amayi ako?"

Ndinaima kumbuyo kwawo ndikuwerenga manambala anga akutuluka pa kompyuta, ndipo anawonjezera kuti imbani nthawi ina iliyonse. Sindinakane. Kunena zoona ndinanyada. Nambala ya mwana wa tenanti ikupita m'maofesi a ku Lilongwe, pansi pa dzina la loji. Mawu atsopanowo ndinawaona okoma kuposa akale aja, ndipo sindinaonepo vuto lililonse. Pasiwedi ya imeloyo ankaidziwa ndi alamu okha. Ine ndinkangogwiritsa ntchito kompyuta ya pa desiki imene inali yotsegula kale, koma iwo anali nayonso pafoni pawo.

Miyezi ingapo zinayenda. Foni ikalira ndinkatsegula buku la zipinda limene linkakhala patsogolo panga, n'kuona ngati malo alipo, n'kulemba. Nyali ikabiriwira ndinkathamangira makalata amene aunjikana n'kuyankha mmodzimmodzi. Ena ankabwera atangolandira yankho lodzitumiza lija, osaimba, koma inali nyengo ya mvula, zipinda zambiri zinali zopanda anthu, ndiye tinkangowalandira ngati tinkawadikira.

Kenako msika wa fodya unatsegulidwa, loji n'kuyamba kudzaza tsiku ndi tsiku. Ndi nthawi yomweyo imene amayi anaimba kuti bambo agwa m'chigafa akusankha fodya. Chifuwa anali nacho kuyambira kale, chija cha anthu amene akhalitsa m'fumbi la fodya wouma, koma ulendo uno ankatsokomola magazi. Anawatengera kuchipatala pa njinga ya kabaza. Kuwodi ya amuna kunkafunika mwamuna woti aziwatembenuza ndi kuwaperekeza kuchimbudzi, ndipo mwana wamwamuna wamkulu ndinali ine.

Nyali inali yofiira kuyambira dzana lake. Ndinapeza alamu kuseri akuyang'anira anyamata otsitsa makireti.

"Alamu, ndikupita kuchipatala. Apongozi anu adwalika."

"Ndamva kwa achemwali ako. Pita, pa desiki ndikhalapo ndekha."

"Nambala yanga ija muichotse m'yankho muja. Muikemo yanu mpaka ndibwere."

"Netiweki ikabwera ndichotsa."

"Pafoni panu simungathe? Mukafika kumsika imagwira."

"Mlamu, ndati ndichotsa. Akaimba lero, ungonditumizira uthenga, ine ndilemba m'buku. Usazimitse foni, nyengo ino si yoseweretsa."

Ndinapita. Bambo ndinawapeza atachepa ngati mwana. Manja awo okha ndiwo anali akadali aakulu, akuda ndi utomoni wa fodya umene sunkachoka ngakhale ndi sopo. Amayi ankakhala kumalo ophikira a magadiyani, ine pambali pa bedi. Ndipo foni inkalira. Mkati mwa wodi mawu ankaduka, komanso odwala anzawo ankandiyang'ana, ndiye ndinkatuluka kukaima kumpanda kumene netiweki inkagwira. Wina akufuna zipinda ziwiri Lachinayi. Wina akufunsa ngati timaphika chambo. Buku ndinalibe, ndiye ndinkangoti ndikufunsireni, n'kutumiza uthenga kwa alamu. Nthawi zina ankayankha, nthawi zina ayi. Tsiku lililonse ndinkawonjezera kuti, nambala ija mwachotsa? Poyamba ankati mawa. Kenako funsolo anasiya kuliyankha.

Bambo anazindikira. Tsiku lina nditabwerako kumpanda anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Abwana ako?"

"Alendo, bambo."

"Uziyankha. Ntchito ya pampando siipezeka kawiri."

Ndikanakonda akanandiuza kuti foniyo ndiitaye m'chimbudzi.

Linali dzuwa la masana, nthawi imene anthu obwera kudzazonda odwala anali atangotuluka. Bambo anali atakana phala. Anandipempha kuti ndiwadzutse pang'ono chifukwa msana unkawotcha, ndipo ndili mkati mowakweza foni inalira m'thumba. Ndinaisiya mpaka inaduka. Inaliranso. Bambo anandikankha ndi chala kuti pita. Ndinawatsamiritsa kukhoma n'kunena kuti ndikubwera.

Woimbayo anali bambo wina wa mawu onenepa, woyankhula mosathamanga. Ankafuna kudziwa ngati madzi otentha amatuluka m'bafa momwemo kapena timabweretsa m'ndowa. Ndinati m'zipinda zina amatuluka. Anafunsa kuti magetsi akathima bwanji. Ndinafotokoza. Anafunsa za poimika galimoto, za alonda, za udzudzu, kenako anati ayambe wafunsa akazi awo, ndidikire pomwepo. Ndinadikira. Ndinkamva akukambirana uko, wailesi ikuimba. Pomaliza anati aganizira kaye.

Nditalowa m'wodi ndinapeza namwino ataima pa bedi la bambo, atawagoneka kale. Mkulu wina wa bedi loyandikana, amene anali ndi bala pamwendo, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amakuitanani, achimwene. Anakuitanani ndithu."

Sindikumbuka bwino zimene ndinachita. Akuti ndinamenya chitseko mpaka chala chinathyoka, ndipo chalacho n'chopindika mpaka pano. Chimene ndikukumbuka n'choti amayi atayamba kulira foni inaliranso, ndipo ndinaizimitsa n'kuiponya pansi pa dengu la mapoto.

Galimoto yopita ndi maliro ku Phalombe sinapezeke. Eni esiteti anapereka thirakitala ndi matabwa, ndipo anthu a mudzi woyandikana anatilola kuika bambo kumapeto kwa manda awo, kumene amaika alendo. Munthu walima dera limenelo mpaka imvi, koma pogona pake anachita kumupemphera. Alamu anabwera tsiku loika, atavala suti, anakhala pakati pa amuna, anapepesa amayi mwaulemu wonse. Ine anandigwira paphewa n'kunena kuti limba mtima, mlamu. Za foni sananene kanthu, inenso sindinafunse. Adzukulu asanamalize kukwirira anali atanyamuka kale, akuti ku loji kuli alendo.

Tisanamete n'komwe, kapitawo wa pa esiteti anabwera kudzakhala pakhonde, chipewa chili m'manja. Anati akudziwa kuti ndi nthawi yowawa, koma fodya wa bambo akangopita ku okushoni nyumbayo idzafunika, chifukwa pali banja lina lochokera ku Dedza limene likudikira. Amayi anangoti tamva. Ine mumtima ndinati palibe kanthu, ntchito ndili nayo, kanyumba kaja ndikapeza.

Ndinabwerera kuboma mutu uli wometa, chala chili chomanga. Polandirira alendo ndinapeza mtsikana amene sindinamuonepo, atakhala pampando wanga, akundifunsa ngati ndikufuna chipinda. Ndinadutsa osamuyankha mpaka kukhitchini. Mayi wophika, amene ankandikonda ngati mwana wake, anandikokera kuseri kwa mbaula n'kundipatsa tiyi ndisanafunse kanthu.

Nkhani yake inali iyi. Masiku amene ndinali pamaliro, mayi wina wa bungwe la ku Lilongwe analemba imelo kupempha zipinda za gulu la alangizi obwera ku maphunziro. Nyali inali yofiira, palibe amene anaiona kalatayo. Koma yankho lija linapita nthawi yomweyo: pempho lanu talilandira, tikuyembekezera kukulandirani. Mayiyo anaimba nambala imene inali pamenepo kuti atsimikize, n'kupeza yozima. Analembanso imelo ina yotchula tsiku ndi nthawi yofikira, ndipo poti yankholo silibwereza kwa munthu yemweyo msanga, sanalandire kanthu. Iye anaona ngati zonse zili m'malo, nanga si anamuuza kuti akumuyembekezera? Anafika ndi minibasi yodzaza anthu ndi zikwama, n'kupeza loji yonse ili ndi ogula fodya. Malo ena onse kuboma analinso odzaza. Ena mwa alangiziwo anakagona m'kalasi. Bungwelo linali lobwera chaka ndi chaka, ndipo mayiyo anaimbira eni loji n'kuwawerengera yankholo liwu ndi liwu, kenako n'kuwauza kuti sadzabweranso.

"Abwana anafika m'mawa mwake atafiira maso," anatero mayi wophikayo. "Anafunsa kuti nambala iyi ndi ya ndani. Alamu akowo anati ndi ya mnyamata uja. Anafunsa kuti analemba zimenezi ndani. Ine ndinali pakhomo apo ndi thireyi, ndinamva ndi makutu angawa. Alamu akowo anati mnyamatayo ndi amene amakhala pa kompyuta, anasintha yekha, ndipo zikuoneka kuti amatumiza alendo ku maloji ena kuti azimupatsa kangachepe."

"Anatero?"

"Imwa tiyi."

"Mayi, anatero?"

"Anatero. Koma usapite uko panopa, nkhope yakoyo ndikuidziwa."

Ndinapita. Ofesi inali yokhoma, alamu anali atapita kubanki. Mlonda anandiperekeza mpaka pageti atandigwira mkono, akundipepesa njira yonse, akuti analamulidwa kuti ndisalowenso. Mwina zinathandiza kuti sindinawapeze tsiku limenelo.

Umboni ndinalibe. Yankholo silisonyeza kuti walemba ndani, ndipo kompyuta ya pa desiki inalidi m'manja mwanga tsiku lonse. Mauthenga anga opempha kuti achotse nambala analipo pafoni, koma munthu akhoza kunena kuti ndinkafuna kubisa zimene ndinachita. Komanso ndani akanandilola kufika pamaso pa abwana, ine wa Fomu 2, kukatsutsana ndi manijala wa satifiketi?

Ndinakagona kwa mnzanga wina wowotcherera zitsulo. Fodya wa bambo atapita, amayi ndi ana awiri aang'ono anasamukira kwa achemwali, kutanthauza kuti kwa alamu. Kanyumba kanga kaja kanathera m'mutu. Ndinayenda m'maloji onse a paboma kufunsa ntchito, koma nkhani inali itandidutsa kale. Pena ankandiseka n'kunena kuti, ndiwe uja wa nambala?

Foni nayo sinaleke kulira. Yankho limene linapita kale silibwezedwa, limakhala m'makalata a anthu, ndipo munthu akafuna chipinda amangotsegula lakale n'kuimba. Ndinkakhala ndikugwirira mnzanga chitsulo, foni n'kulira, munthu n'kufunsa ngati Loweruka kuli malo. Ena ndinkawauza bwinobwino kuti pano si pa loji. Ena ndinkawatukwana, sindibisa.

Tsiku lina ndinagula bandulo n'kulemba imelo ku loji kuchokera pafoni yanga, mawu amodzi okha, moni. Ndisanaiike m'thumba yankho linali litafika. Mawu anali atasintha. Intaneti kuno imavuta. Chipinda sichinasungidwe mpaka munthu akuyankheni. Pansi pake panali nambala yatsopano ya pa desiki. Alamu anali atabwezeretsa mawu a mayi anapita ku Mzuzu uja pafupifupi onse. Ndinakhala pa chitsulo chozizira ndikuwerenga mobwereza, ndikuganiza kuti ntchito imeneyi ndi yoti munthu amaichita tiyi asanazizire. Alamu anali ndi pasiwedi pafoni. Ankadutsa pamsika tsiku lililonse popita kukagula ndiwo za alendo. Masiku onse aja ndinkaima kumpanda wa chipatala, chinkafunika n'choti aime pamsika n'kufufuta manambala angawo.

Achemwali anabwera kudzandipeza ku shedi ya mnzangayo Lamulungu atatuluka m'tchalitchi. Anali atavala chitenje cha chigwirizano, nkhope yotopa. Anakhala pa tayala n'kundiyang'ana.

"Waonda," anatero.

"Mwabwera kudzandiyeza?"

"Alamu ako ayankhula ndi abwana. Akuti ukhoza kubwerera. Osati pa desiki, koma kochapa ndi kumaluwa. Ukagwira bwino, pakapita nthawi adzaona."

"Ndiye ndichite chiyani?"

"Ukapepese. Ukavomere kuti unalakwitsa, sunadziwe Chingelezi chake. Za kuba alendo zija akuti aziiwala."

"Achemwali, inu mukudziwa amene analemba."

Anayang'ana pansi. "Ndikudziwa zimene ndikudziwa. Akachotsedwa iwowo, amayi akagona kuti? Ana aja adya chiyani? Iwe uli ndi nyumba yoti uwasunge?"

Anapitiriza motsitsa mawu, akuti amuna awo sagona bwino masiku ano, akuti anachita mantha pamaso pa abwana, mawu anangotuluka. Ndinati mantha awo ndi amene ndikudya ine. Anati ndi mawu ochepa chabe, ukanene n'kutuluka, pakamwa sipatupa. Anatinso amayi ndi amene awatuma. Pamenepo ndinavomera.

Ndinapita m'mawa wa tsiku limene abwana ankabwera kudzaona loji. Ndinabwereka malaya kwa mnzanga uja. Njira yonse ndinkayeseza mawu: ndinalakwitsa, bwana, sindinadziwe, mundikhululukire. Ndinkawanena bwinobwino, ndipo ndinkafunadi ntchitoyo, ngakhale ya maluwa. Mlonda ananditsegulira osandiyang'ana kumaso. Podutsa polandirira alendo ndinaona kabokosi kaja pazenera, mtsikana uja akukatembenuza uku ndi uku kuti kagwire.

Abwana anali pakhonde la kuseri, munthu wamkulu thupi, wa malole ndi esiteti yakeyake, makiyi a galimoto ali patebulo. Alamu anaima pambali pawo atagwira manja kumbuyo. Ine ndinanjuta pansi pa masitepe monga ndinaphunzitsidwira kwathu.

"Ndi ameneyu?" anafunsa abwana.

"Ndi yemweyu, bwana," anatero alamu. "Ndi mlamu wanga, ndiye ndikupempha ngati kholo. Mwanayu si woipa, koma sukulu sanapite nayo patali. Anaona kompyuta, anaona Chingelezi, n'kufuna kudzionetsa. Inenso ndinalakwa kumukhulupirira msanga."

"Ndamva kuti bambo ako anatisiya," abwana anatero kwa ine. "Pepa. Koma maliro si chifukwa chozimitsira foni imene iwe mwini unauza anthu kuti aziimba nthawi iliyonse. Ukudziwa kuti anthu akuluakulu anagona pa madesiki a ana asukulu chifukwa cha iwe?"

Ndinati ndamva, bwana.

"Ndiye nena zimene wabwerera. Ndili ndi ulendo."

Ndinatsegula pakamwa. Mawu aja analipo, okonzeka. Ndinayang'ana alamu kuti mwina atsitsa maso, mwina achita manyazi pang'ono pokha, ndipo zikanandikwanira. Sanatsitse. Anandikodola ndi mutu ngati mmene umalimbikitsira mwana amene waiwala vesi pa Sande sukulu, n'kunena kuti, "Yankhula, mlamu, usaope. Aliyense amalakwa."

Ndinadziwa kuti ndikaimirira ndiye kuti ntchito yapita, ya maluwa yomwe, ndipo paboma ponse palibe adzandilembe. Ndinadziwanso kuti abwana sandikhulupirira, ndipo achemwali sadzandiyankhula kwa nthawi yaitali. Ndinaimirira. Abwana anagwira makiyi awo, mlonda anayamba kuyandikira, koma manja anga ndinawasunga m'thumba. Ndinakwera masitepe mpaka ndinaima pafupi ndi alamu, moti ndinkamva fungo la mafuta awo ometera, ndipo sindinakweze mawu.

"Alamu, yankho lija munalemba ndinu, ine nditaima kumbuyo kwanu. Ndinakupemphani tsiku ndi tsiku kuti muchotse nambala yanga, inu mumvekere netiweki. Apongozi anu anafa akundiitana, ine ndili kumpanda ndikuuza mlendo wanu za madzi otentha. Zimenezo simudzandipepesetsa, ngakhale mutandipatsa loji yonseyi. Maluwa anuwo thirirani nokha. Amayi anga muwasunge bwino, chifukwa tsiku limene ndidzamve kuti mwawatulutsa ndidzabweranso pano, ndipo sindidzabwera kudzanjuta."